Renda yanga ikuoneka ngati ya m'gemu: kamera ndiyiike pati, lenzi ndilembe yotani?

Tadala: Moni nonse a pagulu. Ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ndili ndi nyumba yosanja ku Area 47, mwini wake ali kunja ndipo akufuna chithunzi cha kutsogolo asanatumize ndalama za denga. Ndinaimanga mu SketchUp, renda, chithunzi chomwe kompyuta imatulutsa kuchokera m'modeloyo, ndikupangira mu Blender, kenako ndimaidutsitsa mu Stable Diffusion, pulogalamu yokonza zithunzi potsatira mawu omwe walemba, kuti udzu, mitengo ndi njerwa zioneke zenizeni. Dzulo wandiyankha kuti "nyumba ndi yabwino koma chithunzi chikuoneka ngati cha m'gemu ya ana". Zandipweteka chifukwa ndachezera masiku atatu pa njerwa zokha. Mawu omwe ndikulemba mu Stable Diffusion ndi awa:

```
ultra realistic, 8k, 16mm wide angle, tilt-shift, f/1.8, bokeh, drone shot, eye level
```

Ndionjezere mawu ati kuti chifanane ndi zithunzi za m'magazini?

Limbani: Gulani kamera yeniyeni achemwali, foni siingakupatseni zimenezo. Ndili ndi mnzanga akugulitsa yake ndi lenzi ziwiri, mtengo ndi wokambirana.

Tadala: Nyumbayo sinathe achimwene, ili pa lintala. Chomwe ndikujambula chili m'kompyuta.

Limbani: Aa pepani, ndinawerenga mothamanga. Ndikhala phee ndizimvera.

A Phiri wa zithunzi: Mwana wanga, musanaonjezere liwu lililonse tandiuzani zinthu zinayi. Kamera yanu mu Blender ili mamita angati kuchokera pansi pomwe yaima? Rotation X ikuwerenga chiyani? Focal Length ndi zingati? Nanga nyumbayo ndi yaitali ndi yotambalala bwanji? Ine ndajambula nyumba ndi kamera kwa zaka zambiri ndisanagwire renda, ndipo chithunzi chikaoneka chabodza, kawirikawiri vuto limakhala pomwe munthu waima, osati pa njerwa.

Tadala: Zikomo bambo. Location Z ndi 3.4, Rotation X ndi 84, Focal Length ndi 18mm. Khoma lakutsogolo ndi mamita 14 m'lifupi, nsonga ya denga ili pakhoma lomwelo pa mamita 7.5. Mpanda wa njerwa uli mamita 13 kuchokera pakhoma, kutalika kwake 2.4. Kamerayo sindinaisankhire malo, ndinangozunguza ndi mausi mpaka nyumba yonse inalowa.

A Phiri wa zithunzi: Basi, matenda taapeza. Mamita 3.4 ndi msinkhu wa munthu wokwera pa denga la minibasi. Palibe amene anaonapo nyumba ali pamenepo, koma m'magemu kamera imayandama pamwamba pa mutu choncho. N'chifukwa chake kasitomala wanu wanena mawu amenewo ngakhale sadziwa chifukwa chake. Diso lake laona pamwamba pa galimoto, pamwamba pa mitu ya anthu, ndiye mtima wakana.

Tsitsani kamera ifike pa mamita 1.6 kuchokera pa nthaka yomwe mwaimapo. Ndikubwereza: pa nthaka yomwe mwaimapo, osati pa ziro wa modelo. Ngati bwalo latsika masentimita 40 kuchokera pa simenti ya m'nyumba ndipo ziro wanu ali pa simentiyo, Location Z ikhale 1.2.

Njira yodziwira kuti zili bwino ndi iyi. Mzere womwe dziko limakumana ndi thambo umadutsa nthawi zonse pa msinkhu wa kamera. Ndiye pamalo a fulati, anthu onse oimirira, wapafupi ndi wakutali yemwe, mitu yawo imakhala pafupifupi pa mzere umodzi, miyendo ndiyo imasiyana. Mukaona mitu ikukwera ngati masitepe pamene anthu akutalikira, kamera ili m'mwamba.

Chachiwiri, Rotation X ikhale 90 ndendende. Pa 84 kamera yaweramira pansi, ndiye makoma akutseguka kumwamba ngati dengu.

Tadala: Ndachita zimenezo. Zasintha kale, ikuoneka ngati nyumba yoti munthu ungalowemo. Koma nditaika 24mm denga likugunda m'mphepete mwa chithunzi, ndipo pafupifupi theka la chithunzi ndi bwalo lokhalokha. Ndakweza mphuno ya kamera kufika 97 kuti thambo lilowe, pano nyumba ikuoneka ngati ikugwa chagada.

Kondwani ku Joni: Vuto ndi lenziyo. Ikani 50mm basi. 50mm ndiye diso la munthu, china chilichonse chimapotoza. Ine kuofesi kuno sindichoka pa 50.

A Phiri wa zithunzi: A Kondwani, mwalasa theka. N'zoona kuti 18mm imene anali nayo ndi yotambalala mopitirira, imaona madigiri 90 m'lifupi, ndipo chilichonse chokhala m'mphepete chimakokeka, galimoto imatalika ngati basi. Koma chomwe chimapotoza nyumba si galasi, ndi mtunda. Mukaima pamalo amodzi n'kujambula ndi 24mm ndi 50mm, kenako n'kudula pakati pa chithunzi cha 24mm, zithunzi ziwirizo zifanana mizere yonse. Lenzi yaifupi imangokulolani kuyandikira, ndipo kuyandikirako ndiko kumakuza khonde n'kuchepetsa kumbuyo.

Tsono tiwerengere ya Tadala. Sensa ya Blender imayamba ili mamilimita 36 m'lifupi. Kuti 50mm ione mamita 18, nyumba ndi kamalo pang'ono mbali zonse, muyenera kuima mamita 25 kuchokera pakhoma. Mpanda uli pa 13. Ndiye mwaima kuti? Kutsidya kwa msewu, mwina m'bwalo la aneba.

Kondwani ku Joni: Mu renda mpanda timangoubisa bambo, si nkhani. Kudina kamodzi wapita.

A Phiri wa zithunzi: Za mpanda tibwerako. Ndiyambe ndamuchotsa Tadala pa nyumba yakugwa ija.

Bwezerani Rotation X pa 90 ndipo musaikhudzenso. Kamera ikangoweramira m'mwamba kapena pansi, mizere yoimirira imayamba kukumana. Ojambula nyumba sakweza mphuno ya kamera. Amagwiritsa lenzi yomwe galasi lake limasuntha chokwera kamera ili chilili. Canon TS-E 24mm imasuntha mpaka mamilimita 12, ndipo ndi yodula kwambiri. Inu muli nayo yaulere: mu Blender ndi Shift Y, pansi pa Focal Length pomwepo.

Imani m'kati mwa geti, mamita 12 kuchokera pakhoma, 24mm, chithunzi cha 3:2 chogona. Sensa ndiye kuti ndi 36 kwa 24. Masamu ake ndi ophweka:

```
12 x 36 / 24 = 18
12 x 12 / 24 = 6
1.6 + 6 = 7.6
```

Mzere woyamba ukuti pakhomapo mukuona mamita 18 m'lifupi, nyumba ya 14 ikukwana. Wachiwiri ukuti kuchokera pa msinkhu wa diso mukuona mamita 6 chokwera. Kuphatikiza ndi 1.6, chithunzi chikuthera pa 7.6, pamene nsonga ya denga ili pa 7.5. Ndi zomwe mwaona zija, denga kugunda m'mphepete.

Tsopano sunthani galasi mamilimita 6. Blender sawerenga mamilimita pamenepa, amawerenga gawo la mbali yaitali ya chithunzi, ndiye 6 kugawa ndi 36, Shift Y ikhale 0.167. Pamwamba pafika mamita 10.6, mwapeza mamita atatu a thambo pamwamba pa denga. Pansi, bwalo limayamba kuoneka pa mamita 3.2 kuchokera pomwe mwaima, tsopano liyambira pa 6.4. Bwalo lopanda ntchito lija lachoka, makoma ali njo.

Tadala: Eee! Zatheka bambo. Ndinkaiona Shift Y tsiku lililonse osadziwa ntchito yake. Ndayika chingwe cha gayidi pakona ya nyumba, ikutsatana nacho kuyambira pansi mpaka pa fesha bodi.

Mayi Nachisale: Kwa amene sagwira Blender: mu SketchUp pitani pa Camera kenako Two-Point Perspective, makoma amaongoka okha. Koma mukangozunguza ndi Orbit zimachoka, ndiye sungani Scene nthawi yomweyo. Chida cha Position Camera chimakuikani pa msinkhu wa pafupifupi mamita 1.68, mukhoza kulemba nambala yanu. Mu Enscape chenjerani, kumeneko lenzi imawerengedwa m'madigiri, osati mamilimita. 24mm ndi madigiri pafupifupi 74 m'lifupi, 35mm ndi 54, 50mm ndi 40. Ana ambiri amene ndimawaona kuntchito amasiya pa 90, ndiye nyumba ya zipinda zitatu imaoneka ngati bwalo la ndege.

Koma a Phiri, ine 24mm pa mamita 12 sindikuikonda pa nyumba iyi. Khonde likhala lalikulu kuposa mmene lilili, ndipo denga, lomwe mwini wake akufuna kuliona asanalipire, likhala lothawira kumbuyo. Ine ndikanabwerera pa mamita 20 ndi 35mm. M'lifupi mukuona mamita 20 ndi theka, Shift Y ya 0.11 ikupatsani thambo lofanana ndi lija, ndipo nyumba imakhala pansi modekha.

A Phiri wa zithunzi: Mayi, pa maonekedwe simunalakwe, inenso malo akalola ndimathamangira 35mm. Koma pa mamita 20 mpanda uli mamita 7 patsogolo panu ndipo wakupitirirani ndi masentimita 80. Ukubisa khoma mpaka pa mamita 3.9, nyumba yonse yapansi. Kuti muone pomwe khoma lakhudza nthaka muyenera kukwera mamita 3.7. Mwaona? Ndi pafupifupi pomwe Tadala anafika ndi mausi yake. Sanalakwe mwadala, mpanda ndiwo unamukankhira m'mwamba.

Ine ndikajambula nyumba yeniyeni yotere ndimabwera ndi makwerero, kapena ndimaima kumbuyo kwa pikapu. Ndiye si kuti kukwera n'koletsedwa. Koma ukakwera kamera imakhalabe yowongoka, ndipo suika munthu kapena galimoto pafupi, chifukwa ndi zimene zimaulula kuti uli m'mwamba.

Kondwani ku Joni: N'chifukwa chake ndikuti ubiseni mpandawo. Tikugulitsa nyumba, sitikugulitsa mpanda.

Mayi Nachisale: Ine ndimabisa, koma ndimauza kasitomala, ndipo ndimasiya mzere wa maziko ake kapena maluwa aafupi kuti adziwe pomwe udutse.

A Phiri wa zithunzi: Ine sindibisa. Kwathu kuno nyumba ya m'tauni imaonedwa uli m'kati mwa geti, pamsewu umaona denga ndi waya basi. Ndinapangapo chithunzi chopanda mpanda, chokongola ndithu, mwini nyumba n'kuchipachika pabalaza. Nyumba itatha anandiimbira foni kuti ndikamusonyeze pomwe angaime kuti aione ngati pachithunzipo. Malowo kunalibe, panali chimbudzi cha alonda a nyumba yoyang'anana nayo. Kuyambira pamenepo ndimaika kamera pomwe phazi la munthu lingaponde. Ndipo ndikhulupirira kuti ndi china mwa zomwe zimachititsa renda kuoneka ngati chithunzi: wojambula weniweni amapanikizidwa ndi malo, nthambi ya mango imalowa pakona, chipilala cha geti chimadula m'mbali.

Kondwani ku Joni: Apo tisiyana bambo. Makasitomala anga akaona chipilala pakona amati chotsani.

Chifuniro: Ndilowepo pa mawu aja, poti palibe wawakhudza ndipo ndi omwe Tadala anafunsa. Ine ndimagwira zimenezi tsiku lililonse.

Choyamba, Stable Diffusion ilibe galasi m'kati. Mukalemba `24mm` siwerengera madigiri 74 ngati Blender. Inaphunzira pa zithunzi zambirimbiri ndi mawu omwe anthu analemba pansi pake, ndiye imangokokera ku mtundu wa zithunzi zomwe zimayenda ndi mawu amenewo. Apa ndi pomwe `tilt-shift` ikukupwetekani. Lenzi yosuntha galasi ija ya a Phiri dzina lake ndi lomwelo, koma pa intaneti zithunzi zambiri zolembedwa choncho ndi zija za mzinda wojambulidwa kuchokera m'mwamba, pamwamba ndi pansi pali mbuu, magalimoto akuoneka ngati zidole. Mwapempha zidole osadziwa. Mwaonjezanso `f/1.8` ndi `bokeh`, zomwe ndi za zithunzi za nkhope pa ukwati. Kenako `drone shot` ndi `eye level` pamzere umodzi, wina akuti kwera wina akuti tsika.

A Phiri wa zithunzi: Pa f/1.8 mwanena zoona. Nyumba timaijambula pa f/8 kapena f/11, kamera ili pa miyendo itatu. Ndi 24mm pa f/8, mukalunjika pa mamita 2.4, zonse kuyambira 1.2 mpaka kumapiri zimaoneka bwino. Diso limadziwa kuti chinthu chachikulu chakutali sichikhala ndi mbuu kutsogolo ndi kumbuyo. Likaona mbuu limati ichi n'chaching'ono, chili patebulo. Mu Blender, Depth of Field ingoisiyani yosachonga.

Chifuniro: Ndiye ine ndikanalemba chonchi:

```
architectural photograph, two-storey house, eye level, camera 1.6 m above ground, 24mm shift lens, two-point perspective, straight vertical lines, f/8, everything in focus, morning side light
```

ndipo m'bokosi la zosafunika:

```
tilt-shift, miniature, bokeh, fisheye, aerial view, converging verticals
```

Mawu omwe amagwira ntchito kwambiri, mwa zomwe ndaona ine, ndi ofotokoza zooneka ndi maso: `eye level`, `straight vertical lines`, `everything in focus`. Manambala ndi ofooka. `1.6 m` ndimaisiyamo, koma ndikaichotsa nthawi zambiri sindiona kusintha. `8k` ndi `ultra realistic` ndinasiya kalekale, kwa ine zimabweretsa kunyezimira kwa pulasitiki komwe kasitomala wanu akudandaula. Mawu amenewo amapezeka kwambiri pansi pa marenda, wojambula ndi kamera salemba kuti chithunzi chake n'chofanana ndi chenicheni.

Chachiwiri ndi chofunika kuposa choyamba. Inu simukuyamba ndi pepala loyera, mukulowetsa renda yanu mu img2img. Kamera yatsekeredwa kale m'chithunzicho. Mawu sangaisunthe. Ngati renda ndi ya 18mm yowerama ndipo mwalemba `35mm`, chithunzi chipambana. Mukakweza Denoising strength, muyeso wa mmene pulogalamu isinthire chithunzi chanu, kuti mawu apambane, mawindo ayamba kusintha, atatu kukhala anayi, mizere ya malata kupindika. Ine ndimakhala pakati pa 0.3 ndi 0.4, ndipo ndimayatsa ControlNet ya depth kuti makoma asasunthe. Ndiye lenzi yomwe mulembe ikhale yomwe mwaika mu Blender, msinkhu chimodzimodzi.

Tadala: Ndiye kuti nthawi yonseyi ndimakangana ndi renda yanga yomwe. Funso lina achimwene: kulemba dzina la kamera, ngati Canon kapena Hasselblad, kumathandiza?

Chifuniro: Kumasintha mtundu ndi kuwala pang'ono nthawi zina, mizere ayi. Yesani nokha: gwirani Seed imodzi, nambala yomwe pulogalamu imayambira popanga chithunzi, osaisintha, chotsani liwu limodzi lokha, yerekezani zithunzi ziwirizo. Mukasintha mawu atatu nthawi imodzi simudziwa lomwe lagwira ntchito.

Kondwani ku Joni: Ine mu Midjourney dzina la kamera limandithandiza, ndaona ndi maso anga. Ndipo `--ar 3:2` ndi yofunika, chithunzi cha sikweya sichioneka ngati chotuluka m'kamera.

Chifuniro: Za `--ar 3:2` ndikuvomera, ndi muyeso wa sensa ya 36 kwa 24. Za dzina la kamera, munayesa ndi Seed imodzi?

Kondwani ku Joni: Ayi, sindinafike pamenepo. Ndiyesa kumapeto kwa sabata.

Limbani: Ndifunseko ine wa foni uja. Ndimajambula nyumba za lendi n'kuika pa magulu. Zimene mukunenazi zikundikhudza? Nyumba zanga zonse zimaoneka zotsamira kumbuyo.

A Phiri wa zithunzi: Zikukukhudzani kwambiri. Kamera yaikulu ya foni zambiri imaona ngati 24mm mpaka 26mm, ija ya 0.5x ili cha m'ma 13mm, isiyeni. Gwirani foni choimika, yowongoka bwino osaweramitsa, bwererani m'mbuyo mpaka denga lilowe, kenako dulani bwalo lapansi. Kudula pansi ndi kusuntha galasi zimapereka mizere yofanana, mumangotaya mapikiselo.

Mayi Nachisale: Tadala, kanthu kena musanatumize. Mukaima pakati penipeni moyang'anana ndi khoma, onetsetsani kuti mwalunjikadi, Rotation Z isapatuke ngakhale digiri imodzi, apo ayi lintala ioneka yopendekeka ngati mmisiri analakwitsa. Mukafuna ya pakona, patukani zenizeni, mbali imodzi itenge malo ambiri, ina ochepa. Kona ikakhala pakati ndendende nyumba imaoneka ngati mphuno ya boti. Ndipo masamu a a Phiri aja muyambirenso kuwerengera pa kona yapafupi, chifukwa ndi imene italike kwambiri pachithunzi.

Funsaninso kuti khoma lakutsogolo layang'ana kuti. Kuno mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye khoma loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi tsiku lonse. Musalembe `morning side light` pomwe mithunzi ya renda yanu ikunena zina.

Tadala: Layang'ana kumpoto chakum'mawa, ndiye dzuwa la m'mawa likugwirizana. Ndapanga ziwiri. Yoyamba ndi ya a Phiri, m'kati mwa geti, 24mm, 1.6, Shift Y 0.167. Yachiwiri ndi ya mayi, 35mm pa mamita 20, mpanda wobisa. Pa mawu a Chifuniro ndi Denoising strength 0.35 mawindo sanasunthe, koma zitsulo za pakhonde lam'mwamba zasungunuka malo awiri, zina zalumikizana.

Chifuniro: Zitsulo zopyapyala zimatero. Musalimbane nazo ndi mawu. Tengani renda yoyamba ya Blender, iikeni pansi pa chithunzi chatsopanocho mu GIMP kapena Photoshop, fufutani pa zitsulo pokha kuti zakale zionekere. Poti kamera sinasunthe, zigwirizana ndendende.

Tadala: Ndatero, zagwirizana. Ndatumiza zonse ziwiri. Wayankha kuti ya m'kati mwa geti ikuoneka ngati munthu anapitadi pamalopo ndi kamera, koma ya 35mm ndi imene akufuna kuonetsa akazi ake chifukwa denga likuoneka bwino. Pano akufunsa yachitatu yoonetsa denga lonse kuchokera m'mwamba.

A Phiri wa zithunzi: Imeneyo kwerani zenizeni, mamita 20 kapena 25, kuti aliyense adziwe kuti ndi ya dironi. Apo kamera ikhoza kuwerama, palibe adandaule. Chotsani `eye level` ndi `straight vertical lines` pa mawu aja, ndipo `aerial view` muichotse m'bokosi la zosafunika. Koma konzekani kumanga mabwalo a aneba ndi msewu, chifukwa kuchokera kumwambako zonse zioneka.

Tadala: Aneba ndilibe ngakhale mmodzi mu modelo. Ndiyamba mawa magetsi akayaka.